Mlingo wa ma ARV kwa makanda obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV: zoti muziona pa sikelo

Kwa anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo omwe mwangoyamba ntchito ku sikelo ya ana ndi ku chipinda cha ma ARV m'zipatala za boma la Mangochi.

Anzathu, talemba izi chifukwa zolakwika zambiri pa mankhwala a makanda zimachokera pamalo amodzi, pa kulemera kwa mwana. Pa masabata 6 oyamba mlingo umatengera kulemera komwe mwana anabadwa nako ndipo susuntha. Akadutsa pamenepo, mlingo umatsata sikelo ya tsiku limenelo. Wosokoneza ziwirizi amawonjezera mankhwala posafunika, n'kuwasiya momwemo pofunika kuwonjezera.

Tiyambire ku chikuta. Mwana aliyense wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachilombo ayambe nevirapini wamadzi, wolembedwa NVP pa botolo, atangobadwa. Mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 10. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 2.5 kapena kucheperapo amamwa 1 ml kamodzi pa tsiku. Wopitirira 2.5 amamwa 1.5 ml kamodzi pa tsiku. Amamwa choncho mpaka atakwana masabata 6. Mukakumana ndi tebulo la WHO mudzaona kuti mwana wa magalamu 2500 enieni amuika ku 1.5 ml, musakangane nazo, tsatirani tchati cha Unduna wa Zaumoyo chomwe chili pakhoma panu. Mwana wosakwana makilogalamu 2, kapena wobadwa masiku asanakwane, musamupatse mlingo wongoloweza pamtima. Wake amawerengera pa kilogalamu, kuyambira mamiligalamu 2 a NVP pa kilogalamu iliyonse, ndipo awerengere ndi dokotala.

Funso lomwe amayi amafunsa, ngakhale antchito ena, ndi ili: mwana wabadwa ndi 2.3, pa sabata yachinayi wafika 3.1, kodi tikweze kufika 1.5 ml? Ayi. Chiwindi cha khanda m'masiku oyamba chimachotsa nevirapini pang'onopang'ono, kotero mankhwala amakhalitsa m'magazi, ndipo mlingowu anaukonza poganizira kale kuti mwana azinenepa m'masabata amenewa. Chimodzimodzi mwana akatsika thupi sabata yoyamba, monga amachitira makanda ambiri, musachepetse. Wobadwira kunyumba kapena panjira, yemwe sitikudziwa kuti anabadwa wolemera bwanji, apatsidwe 1.5 ml, kupatula ngati akuoneka kuti ndi wamng'ono kwambiri. Pamenepo mukwezeni sikelo ndipo muitane dokotala.

Pali ana ena a pa chiopsezo chachikulu omwe NVP yekha sawakwanira. Awa ndi omwe mayi wawo wayamba ma ARV kutatsala masabata osakwana 4 kuti achire, kapena sanayambe n'komwe, kapena tizilombo m'magazi mwake tapitirira 1000 chakumapeto kwa pakati, kapena watenga kachilombo ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, kapena wadziwika kuti ali nako atachira kale. Kuno timawaona kawirikawiri: mayi wochokera kutsidya kwa malire kudzera pa Chiponde wopanda buku la kuchipatala, kapena wa kumadooko yemwe anadukiza mankhwala atatsatira mwamuna kokawedza usipa. Kwa ana otere WHO imati tiphatikize zidovudini, AZT, pa NVP. AZT wamadzi nayenso ndi mamiligalamu 10 pa mililita, ndipo mlingo ndi womwewo wa 1 ml kapena 1.5 ml, koma kawiri pa tsiku. Komwe kulibe wamadzi, piritsi la ana la AZT/3TC/NVP, lomwe timalitcha 2P, limadulidwa panayi, mwana n'kumamwa kachidutswa kamodzi m'mawa, kena madzulo. Akamayamwa, chitetezo chimapitirira mpaka masabata 12, ndipo apa mlingo umakwera: NVP amafika 2 ml kamodzi pa tsiku, kapena theka la piritsi la mamiligalamu 50. AZT akapitirizidwa amadumpha kuchoka pa 1.5 ml kufika 6 ml kawiri pa tsiku. Ambiri amaganiza kuti wolembayo waphonya, koma n'zoona. Pa msinkhu umenewu thupi limachotsa AZT msanga. Yang'anani zikhatho ndi m'zikope ulendo uliwonse, chifukwa AZT amachepetsa magazi, ndipo malungo a kunyanja kuno amawachepetsanso.

Tsopano sirinji. Musangoipereka. Gwedezani botolo, kokani madzi wamba mpaka pa mzere woyenera mayi akuona, kenaka akoke yekha inu mukuona. Matani kaselotepi kapena lembani ndi cholembera chosafufutika pa mzerewo, chifukwa manambala amafufutika sirinji ikatsukidwa kangapo. Nsonga ilowe chakutsaya, osati kukhosi, n'kumakankha pang'onopang'ono. Sirinji ikatayika amayi amathamangira supuni ya tiyi, koma supuniyo imatenga pafupifupi 5 ml, kuposa katatu mlingo wa mwana. Botolo likatha masabata 6 asanakwane, dziwani kuti akuthira mopitirira. Likabwera lodzadza, mwana sakumwa. Funsani mofatsa. Nthawi zambiri mupeza kuti apongozi kapena bambo sakudziwa, ndipo mayi amamwetsa pokhapokha akakhala yekha. Ngati mayi amamva bwino Chiyao, itanani mnzanu wolankhula Chiyao, musadalire kugwedeza mutu. Auzeninso kuti mwana akatuluka zidzolo, zilonda m'kamwa, kapena maso akachita chikasu, abwere naye tsiku lomwelo.

Pa masabata 6 pamachitika zinthu zingapo pa ulendo umodzi, pamodzi ndi katemera. Mwana wosakhala pa chiopsezo chachikulu amasiya NVP. Timatenga magazi pachidendene oyeza DNA-PCR, kuti tione ngati mwana ali ndi kachilombo. Ndipo amayamba kotirimokisazo, amene ambiri timangoti bakitirimu, womuteteza ku chibayo ndi matenda ena mpaka titatsimikiza kuti alibe kachilombo. Bakitirimu si ARV, koma tamuika muno chifukwa ndi amene amaiwalika. Mwana wa makilogalamu 3 mpaka 5.9 amamwa piritsi limodzi la mamiligalamu 120 pa tsiku. Akafika 6 amamwa awiri pa tsiku, mpaka 13.9. Makanda ambiri amadutsa makilogalamu 6 ali ndi miyezi itatu kapena inayi, choncho kakhadi ka pinki kakuonetsa piritsi limodzi pa miyezi isanu ndi iwiri ndi umboni woti wina akungokopera zomwe analemba mnzake mwezi watha. Zotsatira zikakhala zabwino, mwana amayezedwanso pa miyezi 12 ndi 24, ndipo chomwe chimamuteteza nthawi yonse yoyamwayo ndi ma ARV a mayi ake.

Zotsatira zikaonetsa kuti mwana ali ndi kachilombo, mufufuzeni tsiku lomwelo, tengani magazi ena otsimikizira, koma muyambitseni mankhwala osadikira kuti zachiwirizo zibwere. Apa ndiye sikelo imakhala mwini nkhani. Mwana wokwana masabata 4 ndi makilogalamu 3 amapatsidwa mapiritsi osungunuka a ABC/3TC 120/60 pamodzi ndi dolutegiravi, DTG, wa mamiligalamu 10, onse kamodzi pa tsiku. Wa makilogalamu 3 mpaka 5.9 amamwa piritsi limodzi la ABC/3TC ndi theka la DTG. Kuyambira 6 mpaka 9.9, limodzi ndi theka la ABC/3TC, limodzi ndi theka la DTG. Kuyambira 10 mpaka 13.9, awiri ndi awiri. Kuyambira 14 mpaka 19.9, awiri ndi theka mbali zonse. Akafika 20, ABC/3TC amakhala atatu ndipo DTG amasintha kukhala piritsi la akulu la mamiligalamu 50. Musaphatikize mapiritsi asanu a mamiligalamu 10 poganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi la 50. Osungunukawo amalowa m'magazi kwambiri kuposa la akulu. Mankhwala a akulu a TDF/3TC/DTG, omwe timawatcha 13A, amadikira makilogalamu 30.

Malire oopsa kwambiri ndi a makilogalamu 6. Onani bwino: ABC/3TC akukwera ndi theka lokha, koma DTG akuchoka pa mamiligalamu 5 kufika 15, kuwirikiza katatu. Tiyerekeze mwana wamkazi wa ku Makanjira yemwe wayamba mankhwala ali ndi masabata 9, akulemera 4.6. Patatha mwezi ali 5.4, mlingo ndi womwewo. Mvula yayamba, msewu wavuta, wina mwachifundo wamupatsa mankhwala a miyezi itatu. Akubwera ali 6.9. Ndiye kuti kwa masabata ambiri wakhala akumwa gawo limodzi mwa magawo atatu a DTG womuyenera, mayi ake osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Tizilombo tikamakumana ndi mankhwala ochepa timachulukana n'kupeza mpata wopima, ndipo magazi akadzayezedwa pa miyezi 6 mlandu umagwera mayi wosalakwa. N'chifukwa chake khanda timalionera mwezi ndi mwezi. Likayandikira malire, monga 5.7 kapena 9.7, lipatseni tsiku lapafupi, kapena mlangizi wa kuderalo alikweze sikelo ku kiliniki ya kumudzi n'kutumiza nambala. Mwana wonyentchera akayamba ma ARV pamodzi ndi chiponde amanenepa mofulumira, moti angalumphe malire pa masabata awiri.

Kukweza sikeloko nakonso kuchitike bwino. Sikelo iyambire pa ziro, mwana avulidwe zovala ndi thewera. Thewera lonyowa ndi chitenje zitha kumuika mwana m'gulu lomwe sanafikemo. Wobwera kudzatengera mankhwala asabwere yekha, mwanayo abwere. Mlingo ukasintha, lembani watsopano m'khadi ndi m'buku la mwana, jambulani mapiritsiwo pakapepala, ndipo muwerengenso kuchuluka kwa mabotolo, chifukwa omwe ankakwana mwezi pa theka sangakwane pa limodzi ndi theka.

Posungunula, mayi athire madzi aukhondo okwana supuni ziwiri mpaka zinayi za tiyi m'kapu, aponyemo mapiritsi a mitundu yonse iwiri, azungulize mpaka asungunuke, n'kumwetsa pasanathe mphindi 30. Kenaka athiremo timadzi tina, atsukuluze, amwetsenso, popeza zotsalira pansi pa kapu ndi mankhwala. Mwana akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, abwereze. Mankhwala owonjezera magazi okhala ndi ayironi, ndi ena okhala ndi kashiamu, amagwira DTG m'mimba, choncho DTG atsogole ndi maola awiri, kapena amwedwe patatha maola 6.

Mwana akayamba mankhwala a chifuwa chachikulu okhala ndi rifampisini, DTG amamwedwa kawiri pa tsiku pa mlingo wa kulemera kwake, mpaka patatha masabata awiri atamaliza a chifuwawo, pomwe ABC/3TC amakhalabe kamodzi. Ndipo mwana akatsika thupi n'kubwerera pansi pa malire chifukwa chotsegula m'mimba kapena malungo, musathamangire kuchepetsa mapiritsi pa sikelo imodzi. Muonetseni kwa dokotala tsiku lomwelo, mufufuze chomwe chamutsitsa, ndipo mumukwezenso sikelo pakatha masabata awiri.

Ndife anzanu a ku chipinda cha ma ARV a ana.