Kalata kwa abwana yofotokoza za sabata yomwe ndinagona mchipatala

Dedza, Lamulungu pa 25 Meyi 2025

Zikomo bwana,

Ndati ndilembe kalatayi kuti mumve kuchokera kwa ine mwini wake chomwe chinachitika kuti ndisaoneke pantchito kuyambira Lolemba pa 19 mpaka dzulo Loweruka pa 24, chifukwa zomwe ndamva kuti zikukambidwa kusitoloko zandidandaulitsa kwambiri. Akuti ena akumanena kuti ndinaolokera ku Mozambiki kukagula soya wanga wabizinesi pomwe inu mukundidikira pasikelo. Bwana sizoona olo pang'ono, ine ndinali gone mchipatala cha paboma pano ndi malungo aakulu, masiku awiri oyambawo sindimadziwa ndi komwe kuti ndili kuti.

Mukumbuka kuti kumayambiriro kwa mwezi uno munandipatsa chilolezo chopita kumaliro a malume ku Mtakataka. Tinagona pasiwa masiku awiri, azibambo tonse panja pamoto, neti palibe, nde mukudziwa kumunsi kuja udzudzu wake si wamasewera, ife ozolowera kuzizira kwa kuphiri kuno timangoutenga mopepusa. Adokotala nditawafotokozera za ulendowu anangogwedeza mutu nkunena kuti nkutheka ndinawatenga komweko, poti akuti malungo amatha kukhala mthupi sabata ndi kupitirira asanaonekere.

Lachisanu pa 16 ndinayamba kumva mutu ndi kuphwanya mthupi ndili pantchito pompo, a supavayiza akhoza kuchitira umboni chifukwa anandiona nditavala jekete masana dzuwa likuswa mtengo mpaka anandiseka. Apa ndivomere kuti ndinalakwitsa ndekha. Ndinangoti ndi chimfine cha nyengo ino, ndinagula panado pagolosale nkumamwa, Loweruka ndinagwira ntchito mokakamiza poti alimi anali ambiri ndi matumba awo a soya ndi nyemba ndipo sindimafuna mzere utalike. Lamulungu ndinangoswera pamphasa, kusanza kokhakokha, olo madzi samakhazikika mmimba. Chikhala ndinapita kukabayitsa chala Lachisanu lomwelo mwina ndikanangomwa LA masiku atatu nkuthana nazo, koma ndinachedwa.

Za usiku wa Lamulungu ndikungouzidwa ndi mayi akunyumba. Akuti cha mma 2 koloko ndinayamba kubwebweta zosamveka, kuitana malume omwe tinawaika aja, kenako kukomoka. Iwo ndi aneba anavutika kusaka transipoti usiku umenewo mpaka anapeza wa kabaza wanjinga yamoto, anandikhazika pakati mnyamata wa aneba atandigwira kumbuyo kuti ndisagwe. Kuchipatala atandiyeza anapeza malungo ambiri mmagazi, shuga atatsika, magazi nawo atachepa ngakhale sanafike poti andiwonjezere ena. Anandiika dripi nkuyamba kundibaya jakisoni wa malungo wodzera mumtsempha uja amati atesuneti, woyamba nthawi yomweyo, wina patatha maola 12, wina patatha maola 24. Ndinadzazindikira bwinobwino Lachiwiri madzulo, kuona kanyula padzanja, mayi akunyumba atakhala pansi pambali pa bedi maso ali gwa.

Nkhani yosakuimbirani foni ndi imene ndikufuna ndipepese kwambiri chifukwa ndikudziwa kuti ndi pomwe pakukupwetekani mtima. Foni yanga inatsala kunyumba pachipwirikiti chija ndipo inazima moto utatha, nambala yanu ili mmenemo, mayi akunyumba alibe komanso mutu wawo sunali pa zimenezo. Lachitatu nditayamba kulankhula ndi pomwe ndinatuma mlamu wanga kuti adzakuuzeni, iye akuti anafika kusitolo koma inu munali mutapita ku Lilongwe nde anangosiya uthenga kwa alonda. Kaya unakufikani kaya unathera pageti pomwepo ine sindikudziwa, koma sindikuloza munthu chala, udindo wodziwitsa unali wanga.

Ananditulutsa Lachinayi pa 22 masana atandipatsa LA woti ndimalizire kunyumba, mapilisi 4 mmawa 4 madzulo kwa masiku atatu, ndi ena oonjezera magazi oti ndizimwa kwa kanthawi. Adokotala analemba kuti ndipume mpaka Lamulungu, nchifukwa chake Lachisanu ndi Loweruka sindinabwerebe ngakhale ndinali nditatuluka. Kunena zoona olo akanapanda kulemba sindikanatha, kungoyenda kuchoka pakhonde kukafika kuchimbudzi ndimachita chizungulire ngati ndakwera phiri la Dedza.

Pamodzi ndi kalatayi ndaikapo chikalata cha adokotala chokhala ndi chidindo cha chipatala, komanso fotokope ya masamba a buku langa lakuchipatala pomwe analemba tsiku logonekedwa, mankhwala ndi tsiku lotuluka. Buku lenilenilo ndibwera nalo mawa kuti muone ndi maso anu.

Pempho langa ndi loti masiku 6 amenewa alembedwe ngati tchuthi cha matenda osati kujomba, ndipo malipiro a mwezi uno asadulidwe. Ndagwira nanu ntchito zaka zitatu tsopano ndipo lamulo la ntchito la 2000 limati munthu amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa masabata 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro onse ndi masabata ena 8 pa theka la malipiro pachaka, bola abweretse chikalata cha dokotala. Sindikutchula lamuloli ngati ndikukuopsezani ayi bwana, inu mumalidziwa kuposa ine, kungoti a akaunti amatseka mabuku a malipiro sabata yomweino nde ndimaopa kuti angalembe kuti ndinathawa ntchito zisanafotokozedwe. Matendawa atidyeranso kandalama komwe tinasunga, transipoti, chakudya cha odikirira odwala, pena timangokongola kwa aneba, nde kudulidwa kwina kulikonse kungatipweteke zedi ndi ana.

Za ntchito zomwe ndinasiya mmanja, makiyi a kabati ya malisiti ali ndi ine, anali mthumba la jekete lija, ndamva kuti munachita kuthyola loko, pepani ndigula ina ndekha. Buku la sikelo ndinalemba mpaka Loweruka pa 17 koma tsamba la tsiku limenelo ndikupempha tidzalionenso limodzi ndi a supavayiza, mutu unali ukuwawa kwambiri moti sindikudzikhulupirira pa masamu a masana aja, makamaka matumba a mlimi wina wa ku Bembeke amene anabwera mochedwa ndi ngolo. Ngati pali pomwe ndinaphonya ndi bwino tipapeze msanga mwini wake asanabwere kudzadandaula.

Mawa Lolemba pa 26 ndifika nthawi yake 7:30. Chomwe ndikupempha nchoti sabata yoyambayi ndikhale pa kulemba ndi kuwerenga sikelo basi, zothandiza anyamata kukweza matumba a makilo 50 mulole ndiyambe ndaziima kaye mpaka mphamvu zibwerere, miyendo idakanjenjemerabe. Komanso Lachinayi pa 29 anandiuza ndipitenso akaone ngati magazi akubwerera, nde ndidzapempha maola awiri kapena atatu a mmawa, ndikangochoka kumeneko ndidzabwera molunjika kusitolo.

Mundithokozereko anzanga awiri apasikelo omwe anandigwirira ntchito sabata yonseyi nthawi yomwe katundu akubwera wambiri chonchi, ndikudziwa kuti samaweruka nthawi yake. Akadzafuna kupuma ine ndidzawalowera mmalo.

Ndine wantchito wanu,
Kalaliki wa pasikelo