Masamu a karenti ya dayodi ndi chifukwa chimene voteji yake imatsikira dayodiyo ikatentha

Phunziro lachisanu la ophunzira zamagetsi a chaka chachiwiri

Sabata yatha, pamene tinali kuyeza madayodi a 1N4148 ndi matimita, ambiri a inu munaona kuti nambala ya pa mita sinali kukhazikika. Dayodi ili pa benchi, mita inali kuwerenga pafupifupi 0.600 V, koma wophunzira akangoipana ndi zala kwa masekondi ochepa, nambalayo inali kutsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 0.585 V, ndipo akaisiya inali kubwereranso pomwe inali. Gulu lina linalemba mu lipoti lake kuti mita inali yowonongeka. Mitayo inali bwinobwino. Chimene inali kuyeza ndi kutentha kwa zala zanu, ndipo phunziroli likufotokoza mmene zimenezi zimachitikira.

Dayodi ndi kachidutswa kamodzi ka silikoni kamene mbali imodzi ndi ya mtundu wa n, yodzala ndi maelekitironi omasuka, ndipo mbali inayo ndi ya mtundu wa p, yodzala ndi mabowo, kutanthauza malo amene elekitironi ikusowa. Pamene mbali ziwirizi zakumana pamakhala kadera kopanda zonyamula magetsi, ndipo m'kaderako muli voteji yachibadwa imene ili ngati chitunda choletsa maelekitironi kuwolokera ku mbali ya p. Tikalumikiza dayodi molunjika, waya wa pozitivi ku p ndi wa negetivi ku n, timafupikitsa chitundacho, ndipo chiwerengero cha maelekitironi okhala ndi mphamvu zokwanira kuchidutsa chimachuluka mofulumira kwambiri. William Shockley, yemwe ankagwira ntchito ku Bell Labs ku America, ndiye anafalitsa masamu a zimenezi mu 1949, ndipo fomula yake ndi iyi:

```
I = Is × (exp(V / (n × VT)) − 1)
VT = k × T / q
```

Apa I ndi karenti yodutsa m'dayodi, V ndi voteji ya pakati pa miyendo yake iwiri, ndipo Is ndi kakarenti kakang'ono zedi kamene fomulayi imanena kuti kadzadutsa dayodi ikalumikizidwa mozondoka. Chilembo T chikuimira kutentha m'makelevini, osati m'madigiri a Selisiyasi, choncho 27 °C ndi 300 K. Nambala k ndi ya Boltzmann, 1.381 × 10⁻²³ J/K, ndipo q ndi chaji ya elekitironi imodzi, 1.602 × 10⁻¹⁹ C. Pa 300 K, VT imakhala 25.85 mV. Nambala n imakhala pakati pa 1 ndi 2 malinga ndi kapangidwe ka dayodi ndi kuchuluka kwa karenti; m'phunziro lino titenga n = 1 kuti masamu asatichulukire, ngakhale kuti 1N4148 imene tinayeza ili ndi n yoyandikira 2.

Voteji yolunjika ikangoposa 0.1 V, uja −1 wa m'fomula sakhalanso ndi ntchito, chifukwa gawo la exp limakhala litakula kale kuposa 40. Tikamuchotsa n'kutembenuza fomula, timapeza ichi:

```
V = VT × ln(I / Is)
```

Titenge dayodi imene Is yake ndi 10⁻¹⁴ A pa 300 K, ndipo tidutsemo 1 mA. Kugawa I ndi Is kukutipatsa 10¹¹, logarizimu yachibadwa ya nambala imeneyi ndi 25.33, ndipo tikachulukitsa ndi 25.85 mV tikupeza 0.655 V. Tikachulukitsa karenti kakhumi, voteji imangokwera ndi 60 mV basi. N'chifukwa chake amisiri amanena mwachidule kuti dayodi ya silikoni imadya 0.6 V kapena 0.7 V, ngakhale kuti m'fomulamu mulibe voteji inayake imene dayodi imayambira kugwira ntchito mwadzidzidzi.

Tsopano tafika pamene ophunzira ambiri amapunthwa pa mayeso chaka ndi chaka. Munthu akayang'ana V = VT × ln(I / Is), amaona kuti VT imakula pamodzi ndi T, ndiye amathamangira kulemba kuti voteji imakwera dayodi ikatentha. Kuwerengako sikolakwika, koma ndi theka chabe la nkhaniyi. Is ikanakhala yosasintha, voteji ikanakwera ndi V / T pa digiri iliyonse, imene pa dayodi yathu ndi 0.655 / 300, pafupifupi 2.2 mV. Vuto ndi loti Is timailemba ngati nambala yokhazikika, pomwe ndiyo imasintha kwambiri ndi kutentha kuposa china chilichonse m'fomulamu.

Is imachokera ku zonyamula magetsi zochepa zija zimene zili mbali yosakhala yawo, maelekitironi a ku mbali ya p ndi mabowo a ku mbali ya n. Zimenezi zimabadwa pamene kunjenjemera kwa maatomu, kumene ndiko kutentha, kwathyola chimango chogwirizanitsa maatomu awiri n'kumasula elekitironi. Mphamvu yofunika pothyola chimangocho timaitcha mpata wa mphamvu, Eg, ndipo mu silikoni ndi 1.12 eV pa 300 K. Poyerekeza ndi 0.026 eV imene kutentha kumapereka pa mlingo womwewo, mpatawu ndi waukulu koposa, choncho zimango zothyoka ndi zochepa kwabasi. Koma pa chifukwa chomwecho, kutentha kukangowonjezeka pang'ono, chiwerengero chake chimalumpha. Mwa masamu timalemba motere:

```
Is = C × T³ × exp(−VG0 / VT)
```

C ndi nambala yodalira kukula kwa dayodi ndi kuchuluka kwa zosakaniza zimene anathira mu silikoni. VG0 ndi mpata wa mphamvu uja utalembedwa m'mavoti ndi kulondoledwa pa mzere woongoka mpaka pa 0 K, ndipo mu silikoni ndi pafupifupi 1.2 V. Mphamvu ya 3 ili pa T si yeniyeni ndendende pa dayodi iliyonse, koma kusiyanako sikusintha zambiri pa yankho. Powerengera fomulayi pa 300 K, Is imakula ndi pafupifupi 16.5 peresenti pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti imawirikiza kawiri pa madigiri osakwana asanu. Mabuku ena amati karenti yozondoka imawirikiza kawiri pa madigiri khumi alionse, ndipo sakunama: karenti imene mita imayeza pa dayodi ya silikoni yozondoka imachokera makamaka ku zonyamula zobadwira m'kadera ka pakati kaja, ndipo imeneyo imakula pa theka la liwiro la Is ya m'fomula ya Shockley.

Choncho pali zinthu ziwiri zokokana. Kukula kwa VT kukukweza voteji ndi 2.2 mV pa digiri, pomwe kukula kwa Is kukuitsitsa ndi VT kuchulukitsa ndi 16.5 peresenti ija, kapena kuti 0.165, imene ndi 4.3 mV pa digiri. Chotsala ndi kutsika kwa 2.1 mV pa digiri iliyonse. Tikaika fomula ya Is m'fomula ya V, karenti I ili yosasintha, n'kupeza kusintha kwa V pa T, zonsezi zimalowa mu mzere umodzi:

```
dV/dT = −(VG0 − V + 3 × VT) / T
```

Pa dayodi yathu, 1.2 kuchotsa 0.655 ndi 0.545, kuphatikiza 0.078 ndi 0.623, ndipo kugawa ndi 300 kukutipatsa −2.08 mV/K. Mzerewu ndi woyenera kuuyang'anitsitsa, chifukwa ukuonetsa poyera kuti voteji imatsika pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti V ndi yochepa kuposa VG0. Tikajambula V pa T timapeza mzere pafupifupi woongoka umene, tikaubweza m'mbuyo mpaka pa 0 K, umakathera pafupi ndi 1.2 V, kaya karenti ndi yochuluka kapena yochepa. Dayodi yozizira kotheratu ikanafuna voteji ya mpata wonse kuti idutse karenti, pomwe dayodi yotentha imathandizidwa ndi kutenthako kukweza maelekitironi pa chitunda, ndipo voteji yochokera kunja imangokwaniritsa chotsala.

Kuti mutsimikize, werengani dayodi yomweyo pa 350 K, imene ndi 77 °C. VT ikhala 30.16 mV, Is ikula pafupifupi ka 1,200 kufika pa 1.2 × 10⁻¹¹ A, ln(I / Is) itsika kufika pa 18.24, ndipo V ikhala 0.550 V. Yatsika ndi 105 mV pa madigiri 50. Onaninso kuti −2 mV pa digiri si lamulo lokhazikika. Pa karenti yochepa, V ikakhala 0.5 V, fomula ikupereka −2.6 mV/K, ndipo pa 0.75 V ikupereka −1.8 mV/K. Pa karenti yaikulu kwambiri, kukana kwa silikoni weniweniyo ndi kwa timawaya ta m'kati kumawonjezera voteji yake, ndipo fomula ya Shockley payokha siikwaniranso.

Zonsezi tawerengera karenti ili yosasintha. Tikagwira voteji kuti isasinthe, nkhani yomweyo imaoneka moopsa: karenti imakula ndi pafupifupi 8 peresenti pa digiri, ndipo imawirikiza kawiri pa madigiri osakwana khumi. Madayodi awiri akalumikizidwa mbali ndi mbali kuti agawane karenti, yotentherapo imatenga gawo lalikulu, gawolo limaitenthetsanso, ndipo imapitiriza kulanda karenti ya inzake mpaka ikhoza kupsa. Ichi n'chifukwa chake timaika rezisita yaing'ono pa dayodi iliyonse, ndiponso chifukwa chake m'maampulifaya a mawu mumapeza dayodi kapena tiranzisita yaing'ono itamatidwa pa chitsulo chozizitsira matiranzisita aakulu: ikatentha nawo limodzi, voteji yake imatsika, ndipo imachepetsa voteji yowayatsa.

Selo ya sola ya silikoni nayonso ndi dayodi, ndipo voteji yake yopanda katundu imatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri. Panelo ya maselo 36 imene fakitale inaiyeza pa 25 °C, ikakhala pa denga la malata ku Nsanje mu Okutobala maselo ake n'kufika 60 °C, imataya 36 × 35 × 2.1 mV, kapena kuti mavoti oposa awiri ndi theka, dzuwa lili phwee.

Lachinayi gulu lililonse lidzatenge dayodi ya 1N4148, rezisita ya 10 kΩ ndi gwero la 12 V, zimene zidzapereka karenti yoposa pang'ono 1 mA imene sidzasintha kwenikweni voteji ya dayodi ikamatsika. Mudzakute dayodi ndi miyendo yake m'kachubu ka pulasitiki kuti madzi asaikhudze, ndipo mudzayeze voteji yake m'madzi osakaniza ndi ayezi, m'madzi ofunda, ndi m'madzi owira, thamometa ili pambali pake. Musadzalembe 100 °C musanawerenge thamometa, pakuti kuno ku Lilongwe, pa mtunda woposa mamita 1,000, madzi amawira cha pa 96 °C kapena 97 °C. Mu lipoti mudzajambule V pa T m'makelevini, mudzapeze kupendekeka kwa mzerewo mu mV/K, ndipo mudzautalikitse ndi rula mpaka pa 0 K n'kulemba voteji imene wakathera.