Kwa Tadala: za umboni wongomva kwa ena, mayeso asanafike

Mng'ono wanga, wati mutuwu ukukuzunguza. Tiye tiyambire ku depoti ya mabasi konkuno ku Lilongwe.

Mayi wina wogulitsa mandasi waimirira m'bokosi la mboni, akuti: "Kondakitala anandiuza kuti Yohane ndiye anaba foni." Mayiyu sanaone kanthu. Anaona ndi kondakitala, koma iyeyo sanabwere kukhoti, sanalumbire, loya wa Yohane sangamupanikize ndi mafunso, ndipo majisitireti sangamuyang'ane nkhope. N'chifukwa chake lamulo limakana mawu oyankhulidwa kunja kwa khoti akabweretsedwa pofuna kutsimikiza kuti zimene akunenazo n'zoona. Gawo 184 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo lathu la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limafuna kuti mboni inene zimene inadzionera kapena kudzimvera yokha.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye gwiritsitsa. Usanalembe chilichonse dzifunse: mawuwa awabweretseranji? Pa mlandu wa Subramaniam v Public Prosecutor wa 1956, munthu anapezeka ndi zipolopolo m'dziko la Malaya, nanena kuti zigawenga zinamuopseza kuti zimupha. Woweruza anamuletsa kubwereza mawu a zigawengazo. Khoti la apilo la ku London, la Privy Council, linati woweruzayo analakwitsa: nkhani sinali yoti zigawenga zinkanena zoona, koma yoti mawuwo anayankhulidwa ndipo anamuchititsa mantha. Umenewo si umboni wongomva n'komwe, choncho usavutike kuufunira khomo lolowera.

Ukapeza kuti ndi wongomvadi, pamenepo funa khomo limene lamulo limaulola kulowera m'khoti.

Loyamba ndi resi jesite, mawu otuluka zinthu zili motentha, munthu asanapeze mpata wopeka. Pa mlandu wa Bedingfield, 1879, mayi wochekedwa pakhosi anatuluka m'chipinda akutchula womuvulaza, koma khoti linakana mawuwo ati zinali zitatha kale. Chigamulochi chimandipweteka mpaka lero. Mlandu wa Andrews, 1987, unakonza: wobayidwa anatchula omubaya kwa apolisi patangopita mphindi zochepa, ndipo mawu akewo analoledwa chifukwa maganizo ake anali akadali pa zoopsazo. Osangowerenga mphindi ayi.

Lachiwiri, mawu a munthu ali kumwalira onena chomwe chamupha. Lamulo lakale la ku Mangalande linkawalola pa milandu yakupha yokha, ndiponso wonenayo akhale atatayiratu chiyembekezo choti achira.

Kuvomera mlandu nako kumalowa, poti munthu sadzinamizira chomupweteka mwachisawawa. Kuno kwathu werenga gawo 176: ngakhale woimbidwa mlandu anene kuti anamukakamiza, chivomerezocho chimalandiridwa, koma khoti silingachidalire pokhapokha litakhutira mopanda chikaiko kuti anachinenadi iyeyo ndipo zili m'menemo n'zoona. Chimagwira mwini wake yekha, osati mnzake amene wamutchula.

Zolembedwa m'mabuku a boma, monga kaundula wa obadwa, ndi zolembedwa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi munthu amene anamwalira, nazo zimalowa; ziloweze mwachidule.

Loweruka ubwere ku Kawale ndi mafunso a chaka chatha, tidzayankhe awiri limodzi.