Chikonzero cha Phunziro: Tsamba Langa Loyamba la HTML

Kalasi ndi Fomu 3, ophunzira 48, anyamata 27 ndi atsikana 21. Phunziro lichitika Lachiwiri la sabata yachinayi ya teremu yoyamba, mapiriyodi awiri oyambirira, kuyambira 7:30 mpaka 8:50 m'mawa, mphindi 80. Ndapempha nthawi ya m'mawa dala. Mwezi wa Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire, chipinda cha makompyuta chikafika masana chimatentha ngati uvuni wa njerwa, ndipo mwana amene akupukuta thukuta ndi kolala ya yunifolomu sangaone kuti wasiya kachizindikiro kamodzi.

Zizindikiro za kakhozedwe

Pomaliza phunziroli, wophunzira aliyense afotokoze ntchito ya tagi, chizindikiro choikidwa kumayambiriro ndi kumathero kwa mawu mu HTML, alembe tagi yotsegulira ndi yotsekera mosalakwitsa, asunge fayilo yokhala ndi mathero a `.html`, ndipo aitsegule mu bulawuza n'kuona dzina lake. Mawu akuti aliyense ndikuwanena motsindika. Makompyuta athu ndi 12 okha, gulu lililonse la anthu anayi, ndipo tikalekerera, amene anagwirako laputopu ya achimwene ake amakhala pampando kuyambira poyamba mpaka belu kulira, anzake atatu akungoyang'ana paphewa pake. Gulu limene latulutsa tsamba limodzi lokongola pamene atatu sanakhudze kiyibodi ndilitenga kuti silinakhoze.

Zipangizo

Makompyuta okhala ndi Notepad ndi bulawuza iliyonse, kaya Chrome, Edge kapena Firefox. Bolodi, choko choyera ndi chachikasu, makope a ophunzira, fulashi imodzi, ndi matchati awiri amene ndalembapo kale chitsanzo ndi zilembo zikuluzikulu. Intaneti sikufunika ngakhale pang'ono, choncho palibe bandulo yogula. Lolemba madzulo ndipukute fumbi pa makiyibodi, ndiyatse kompyuta iliyonse, ndipange foda ya `fomu3` pa Desktop.

Chiyambi (mphindi 8)

Makompyuta akhale oyaka koma manja onse pamiyendo. Ndifunse: "Ndani anaonapo zotsatira za mayeso, mpira kapena nkhani pa foni?" Manja adzakwera ambiri. Ndifunsenso: "Nanga foniyo imadziwa bwanji kuti mawu awa ndi mutu wa nkhani, awa ndi nkhani yeniyeni?" Ndilandire mayankho atatu osatsutsa lililonse.

Kenako ndifotokoze mwachidule. HTML ndi njira yoikira zizindikiro pa mawu kuti bulawuza idziwe kuti chilichonse ndi chiyani. Anaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee wa ku Mangalande, akugwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva. Ganizo lake analilemba mu 1989, ndipo pofika 1991 masamba oyamba anali atayamba kuonedwa ndi anthu akunja kwa malowo. Mbiri ithere pomwepo. Chofunika kuti anawa amve n'chakuti tsamba lililonse limene anatsegulapo pa foni lili ndi zilembo ngati zimene alembe lero.

Pa bolodi (mphindi 12)

Ndilembe mzere umodzi, matagi ndi choko chachikasu, mawu ndi choyera:

```html
<h1>Chisomo wa ku Ngabu</h1>
```

Chisomo ndi dzina lachitsanzo chabe, mulibe m'kalasi muno. Ndifunse kusiyana kwa tagi yoyamba ndi yomaliza. Wina aone yekha kamzere kopendekeka `/`, ndisamuuze.

Apa ndigwiritse ntchito khola, chifukwa palibe mwana wa kuno amene sanatsekerepo mbuzi madzulo. Tagi yoyamba ndi kutsegula chipata, mawu ndi mbuzi zimene zalowa, tagi yachiwiri ndi kutseka. "Ukaiwala kutseka, m'mawa mbuzi uzipeza kuti?" Adzayankha okha kuti m'munda wa eni, zikudya mapira. Ndiwauze asunge yankholo, tilionera pa sikirini tisanaweruke.

Ndionjezere `<p>` ya ndime, `<h2>` ya mutu waung'ono, ndi `<ul>` yokhala ndi `<li>` mkati mwake ya mndandanda. Apa pali khola mkati mwa khola: limene latsegulidwa pomaliza ndilo liyambe kutsekedwa. Ophunzira awiri, mtsikana ndi mnyamata, abwere kutsogolo kudzalemba ndime imodzi aliyense. Anzawo akonze zolakwika, ine ndikhale chete.

Mafupa a tsamba ndi kusunga fayilo (mphindi 15)

Ndipachike tchati choyamba. Mamembala a gulu adzipatse manambala 1 mpaka 4. Nambala 1 atsegule Notepad n'kulemba theka loyamba, nambala 2 amalize, pamene enawo akukopera m'makope.

```html
<!DOCTYPE html>
<html lang="ny">
<head>
  <meta charset="UTF-8">
  <title>Mbiri yanga</title>
</head>
<body>
</body>
</html>
```

Ndidutse mwachangu pa mzere woyamba: umangouza bulawuza kuti iyi ndi HTML ya masiku ano. Za mu `<head>` ndi zodziwitsa bulawuza, ndipo mawu a mu `<title>` amaoneka pamwamba penipeni pa windo. Zonse zimene mlendo aziwerenga patsambalo zimalowa mu `<body>`. Ndiime pang'ono pa `lang="ny"`. Zilembo ziwirizo ndi chizindikiro chimene dziko lonse linagwirizana cha Chichewa kapena Chinyanja. Ndikufuna adziwe kuti chiyankhulo chawo chili ndi malo ake m'makina awa, ndipo tsamba lawo alilemba m'Chichewa. Amene kwawo amayankhula Chisena ali ndi ufulu woikapo moni wa kwawo pamwamba.

Vuto lalikulu silikhala pa matagi ayi, limakhala posunga. Ndizinena pang'onopang'ono, gulu lililonse lichite limodzi nane: File, kenako Save As, asankhe foda ya `fomu3`, pa Save as type asankhe All Files, pa Encoding pakhale UTF-8, dzina likhale la mwini wake, zilembo zazing'ono, popanda mpata, monga `chisomo.html`. Chaka chatha magulu asanu anasiya Text Documents, mafayilo awo anakhala `chisomo.html.txt`, ndipo atadina anangoona Notepad ikutsegukanso. Mtsikana wina anatsala pang'ono kulira poganiza kuti waononga kompyuta ya sukulu. Chaka chino ndidutse pa kompyuta iliyonse ndione ndi maso anga kuti fayilo yavala chizindikiro cha bulawuza tisanapitirire. Achite Save As kanayi kuti aliyense akhale ndi fayilo ya dzina lake.

Pa makiyibodi athu `<` ndi `>` zili pa mabatani a koma ndi fulusitopu, zimatuluka ukagwira Shift. Ndionetse izi kamodzi nditanyamula kiyibodi m'mwamba.

Kulemba mbiri yanga (mphindi 30)

Apa ndiye pagona phunziro. Ndipachike tchati chachiwiri, chosonyeza zolowa pakati pa `<body>` ndi `</body>`:

```html
<h1>Chisomo wa ku Ngabu</h1>
<p>Ndili mu Fomu 3. Kwathu timalima thonje.</p>
<h2>Zimene ndimakonda</h2>
<ul>
  <li>Mpira wamanja</li>
  <li>Nsima ya mapira ndi mlamba</li>
</ul>
```

Aliyense ali ndi mphindi 7 pa kiyibodi, mphindi ziwiri zotsalazo ndi zosinthana mipando. Ayambe nambala 3 ndi 4 amene sanalembeko, kenako 1 ndi 2. Nthawi ikakwana ndiombe m'manja, ndipo wapampando anyamuke ngakhale ali pakati pa mawu. Amene akudikira asakhale manja lende: alembe tsamba lawo lonse m'kope, matagi ndi zonse, mnzawo wapambali alione. Kuthandiza ndi pakamwa kokha. Dzanja la wina likafika pa mawusi ya mnzake, ndilibweze mwaulemu koma osanyengerera.

Tsamba likhale ndi mutu, ndime imodzi ndi mndandanda wa zinthu zosachepera zitatu. Asakopere za Chisomo. Ndiyende ndikufunsa mafunso otsegula pakamwa: kwanu n'kuti, ku Nchalo kufupi ndi minda ya nzimbe kapena kutsidya kwa Shire? Unapitako ku Lengwe kapena ku Majete, unaona nyama yanji? Umabwera kusukulu pa njinga kapena wapansi? Ukufuna kudzakhala ndani? Ana ambiri amayamba ndi kunena kuti alibe cholemba, koma ukamufunsa amene amapalasa njinga ya kabaza Loweruka, kapena amene amadziwa kuwongolera bwato ku Elephant Marsh, mizere imatuluka yokha. Wina akafuna kulemba za madzi osefukira a namondwe Freddy mu 2023, alembe. Wosafuna ndisamukakamize, pakuti ena m'kalasi muno anagona m'misasa.

Ndinene momveka asanayambe: dzina loyamba lokha, popanda nambala ya foni, tsiku lobadwa, dzina la makolo kapena malo enieni a nyumba. Masambawa sakupita pa intaneti lero, koma chizolowezi chiyambe pa tsamba loyamba.

Akasintha kanthu adine Ctrl+S mu Notepad, kenako F5 mu bulawuza. Ndilembe mabatani awiriwa pakona ya bolodi, chifukwa ndikudziwa kuti ndimva kangapo kuti "Aphunzitsi, sizikusintha!" Wofulumira kumaliza ayesere kulemba `Mala&#373;i` aone chilembo cha ŵ chikutuluka, ngakhale pa kiyibodi palibe.

Magetsi akazima, ntchito ipitirire m'makope. Mmodzi akhale bulawuza: awerenge kope la mnzake n'kujambula papepala mmene tsambalo likanaonekera, mutu ndi zilembo zazikulu, mndandanda ndi timadontho. Kulemba pa kompyuta tidzachita Lachinayi.

Kutsegula khola dala (mphindi 8)

Gulu lililonse lifufute `</h1>` pa tsamba limene lili pa sikirini, lisunge, lidine F5. Ndime ikula n'kuda ngati mutu. Ndifunse chimene chachitika, ndidikire mpaka wina atchule mbuzi zija. Abwezeretse tagiyo. Ndiwauze kuti bulawuza sikalipa kapena kulemba kuti walakwitsa, imangoyesetsa kuonetsa zimene yapatsidwa, choncho tsamba likaoneka modabwitsa, choyamba kuyang'ana ndi tagi yosatsekedwa. Palibe chimene angalembe mu Notepad lero chimene chingaphe kompyuta, ndipo amantha aja ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa panga.

Mathero ndi ntchito yakunyumba (mphindi 7)

Magulu ayende kuona tsamba la gulu loyandikana nalo, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene samadziwa za mnzake. Ndifunse ophunzira atatu amene sanayankhulepo: ntchito ya `/` ndi yotani, `<title>` imaoneka pati, fayilo ithere ndi zilembo ziti. Pamene akutuluka ndikopere mafoda onse 12 mu fulashi.

Kunyumba alembe m'kope gawo lina la tsamba lawo, mutu wa `<h2>` wakuti Mudzi wathu ndi ndime ziwiri pansi pake. Kompyuta sikufunika.

Kuyesa

Madzulo nditsegule mafayilo 48 limodzilimodzi. Malikisi ndi 10: awiri a fayilo yotseguka mu bulawuza, awiri a mutu, awiri a ndime, awiri a mndandanda, awiri a matagi otsekedwa bwino. Kalembedwe ka mawu sindichotsera malikisi lero. Mayina a amene fayilo yawo ilibe kanthu mu `<body>` ndiwalembe padera, ndipo iwowa ndiwo ayambe kukhala pa kiyibodi Lachinayi, tisanalowe za zithunzi ndi tagi ya `<img>`.