Kwa Anachisale, ahedi atsopano

Anachisale anzanga,

Dzulo a PEA, alangizi a maphunziro a zoni yathu, atabwera ndi kalata yanu ya uhedi ija ndinalulutira nawo mu ofesi muja, koma belu linali litalira kale, ndiye ndinangokugwirani chanza n'kuthamangira ku Sitandade 4. Za pakamwa zimauluka, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Mafuno abwino, mayi. Uhedi umenewu wakuyenerani.

Mukudziwa kuti intavyu ija tinapitira limodzi, minibasi imodzi, mpaka tinagawana chigumu ku Migowi podikira kuti idzaze. Sindikunamizani: nditamva kuti dzina langa palibe, nsima ya madzulo amenewo sinatsike bwino. Koma ngakhale mtima unkawawa, funso loti "bwanji iwowo?" silinandibwerere. Akanandiika ineyo pa mpando wa ofunsa mafunso, ndikanasankhanso inu.

Iwo aja anaona masatifiketi ndi mayankho anu. Ine ndinaona zina.

Malichi 2023, Namondwe Freddy atagwetsa nyumba kumunsi kwa Michesi kuno, makalasi athu anasanduka kampu. Enafe tinkangoti boma likanena tidzayambiranso. Inu munatenga rejisita ya Sitandade 8, munaikulunga m'jumbo, n'kuyamba kuyenda m'matope kalasi ndi kalasi, tchalitchi ndi tchalitchi, kuitana ana mayina mmodzimmodzi. Amene mwamupeza munkachonga ndi pensulo, amene sanapezeke munkafunsa kwa amfumu. Kenako mabuku aja! Ndinakupezani kuseri kwa ofesi mutayala mphasa, mukutsegula buku la Masamu tsamba ndi tsamba ndi mpeni wa patebulo kuti lisang'ambike, timiyala pamwamba kuopa mphepo. Ndinakusekani, ndinati awa ndi a moto basi. Ndi mabuku omwewo, okhwinyata choncho, amene ana anakonzekera nawo mayeso a MANEB pansi pa mtengo wa mango, m'mawa mame asanaume, m'makalasi mukadali anthu ogona. Zimenezi sizinalembedwe m'lipoti lililonse, ndipo inu simunazinenepo pamsonkhano ngakhale kamodzi.

Palinso za mtsikana uja makolo ake anali atalandira kale za ukwati. Dzina sinditchula. Simunapite kukakalipa, kapena kuwaopseza ndi apolisi ngakhale lamulo likuletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Munatenga amayi a gulu loyang'anira atsikana, munakakhala pamkeka, munathandiza agogo ake kusenda nandolo mpaka nkhani inapsa yokha. Lero mwanayo ali ku sekondale. Mtsogoleri wa sukulu amafunika kuleza mtima kotero, chifukwa komiti ya sukulu, mafumu ndi makolo salamulidwa ndi sitampa.

Musaganize kuti ndikukupakani mafuta okhaokha. Pa nkhani ya masikimu, mapulani aja a zophunzitsa pa temu, ndinu ovuta, ndipo aphunzitsi a kumene mukupitako ndikuwamvera chisoni pang'ono. Cholembera chanu chofiira chija chandilizapo ine munthu wamkulu. Koma simunandidzudzulepo pamaso pa ana, ndipo mukabweza sikimu munkakhala nane pansi mpaka tiikonze. Khalidwe limeneli mupite nalo.

Pempho langa ndi limodzi. Muli ndi chizolowezi chonyamula chilichonse nokha, phala likachedwa ndinu, choko chikatha ndinu, mwana akadwala ndinu womuberekera kuchipatala. Uko mukakhala ndi wachiwiri wanu komanso akulu a magawo. Mukawapatse ntchito, ngakhale atamaigwira mosiyana ndi momwe mukanachitira inu. Mutu uja umangokuvutani, ndipo a Phiri anu ndi ana akufunanso mayi wamoyo kunyumba. Anthu adzayankhula, zimenezo n'zosapeweka, ena ati mayi sangathe sukulu yaikulu ngati imeneyo. Asiyeni, temu imodzi yokha idzawayankha.

Kuno tisauka. Sindikudziwa kuti kwaya ya ana aitenga ndani, ndipo tiyi wa pa buleki azikoma bwanji popanda nkhani zanu za ku koleji. Tsiku lina zikakuthinani, a komiti akakutembenukirani kapena ndalama za sukulu zikachedwa, imbani. Kwa ine simukhala ahedi okha ayi, mukhalabe Anachisale amene tinkabwerekana chitenje pa maliro.

Loweruka m'mawa ndikubwera ndi Chisomo kudzathandiza kumanga katundu, makatoni ndapempha kale ku golosale. Tambala wanga wofiira uja ndamusungira tsiku limeneli, ndiye musaphike ndiwo. Ndipo ketulo ya sitafu isapezeke m'katundu wanu, ndidzasecha ndithu!

Mulungu akutsogolereni kumeneko. Mupereke moni kwa a Phiri.

Ndine mnzanu,
Nangondo