Zomwe zasintha mu 2.4.0: pulogalamu ya kaundula wa banki m'khonde

Kwa alembi, asungichuma ndi alangizi a magulu,

Chitulutsireni 2.3.1 tatseka ntchito 12. Mwa izi, 3 zinali zokonza mkati momwe inu simuona, ndipo 2 zinali madandaulo obwereza, choncho pano talemba 7. Amene mumalowa pa GitHub, mndandanda wonse muupeza mukasaka motere pa tsamba la Issues la pulogalamuyi:

```
is:issue is:closed milestone:2.4.0
```

Zatsopano

#141. Tsopano mutha kulemba masheya, ngongole ndi thumba la zadzidzidzi popanda netiweki. Zonse zikhala mufoni, n'kudzipita zokha netiweki ikabwera. Ili ndi lomwe alangizi a kumidzi akhala akutipempha kuyambira kale.

#148. Polemba ndalama, sankhani ngati yabwera pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

#152. Lipoti la tsiku logawana likutuluka ngati PDF yoti n'kusindikiza.

Zomwe takonza

#139. Pogawana, ndalama za mamembala zikaphatikizidwa zinkasiyana ndi za m'bokosi ndi K1 kapena K2. Ikuoneka yochepa, koma tangoganizani msungichuma ali pamkeka, anthu 25 akumuyang'ana, iye akuwerenga kachitatu osapeza pomwe yasowera. Sanalakwitse iyeyo, vuto linali lathu: pulogalamu inkadula timatambala pa gawo la munthu aliyense. Tsopano ikuwerengera zonse m'matambala, ndipo zotsalira ikuzionetsa pamzere wakewake kuti gulu ligwirizane pokaziika.

#144. Mayina okhala ndi ng', monga Ng'oma, sankapezeka mukawasaka. Akupezeka tsopano.

#147. Chiwongoladzanja chinkalowa kawiri munthu akabweza ngongole pa tsiku lomaliza la mwezi. Magulu omwe zinawachitikira aona chizindikiro chofiira pa ngongoleyo. Chonde mubwezereni mwiniwake msonkhano ukubwerawu.

#150. Batani la `Sungani` linkabisika pa mafoni a sikilini yaing'ono.

Mavuto omwe akadalipo

Awa sitinawathetse, ndipo ndi bwino muwadziwe musanapite ku msonkhano.

#155. Uthenga wokumbutsa ngongole ukakhala ndi chilembo cha ŵ, SMS imodzi imatenga zilembo 70 zokha m'malo mwa 160. Uthenga umagawika pawiri kapena patatu, mayunitsi n'kumatha msanga. Pakadali pano lembani w wamba m'mauthenga. M'kaundula ŵ alibe vuto.

#157. Alembi awiri akalemba msonkhano umodzi pa mafoni awiri popanda netiweki, zomwe zafika pomaliza zimafufuta zoyambazo. Ili ndi lalikulu, ndipo ndi lomwe tikuyamba nalo mu 2.4.1. Mpaka nthawi imeneyo, msonkhano umodzi uzilembedwa pa foni imodzi basi, ndipo buku la pepala musalisiye.

Musanaike 2.4.0, dinani `Tumizani zonse` pamalo pomwe netiweki ili bwino, mudikire mpaka ilembe kuti zatheka.