Kasamalidwe ka bala lanu mukafika kunyumba

Mayi, ndakulemberani zonse zija tinakambirana chifukwa nthawi ija munali ndi mantha ndipo ndikudziwa kuti zambiri sizinalowe. Sungani uthengawu, muwawerengerenso amene mukukhala nawo pakhomo.

Lero Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa takuchotsani chotupa cha mafuta chija pamkono wakumanzere, mmunsi mwa chigongono. Tasoka ulusi 6, ndipo ulusi wake ndi uja wosasungunuka wokha, ndiye mudzabwere Lachisanu la sabata ya mawa, pakhala patatha masiku 10, tidzachotse. Musadzadule nokha ngakhale pataoneka kuti papola.

Jakisoni wa dzanzi uja amatha mphamvu pakadutsa maola awiri kapena anayi, ndiye madzulo ano muyamba kumva kuwawa, zimenezo musadabwe nazo. Imwani panado mapilisi awiri a 500mg, mutha kubwereza pakatha maola 6, koma osapitirira mapilisi 8 pa maola 24, ndipo muziona kaye mankhwala a chimfine ngati mukumwa chifukwa ambiri amakhala ndi panado yemweyo mkati. Asipulini musamwe chifukwa cha ululuwu, amapangitsa magazi kuchedwa kuundana. Metifomini wanu wa shuga uja pitirizani monga mwa masiku onse, osadumphitsa, shuga akakwera bala limachedwa kupola komanso limalowa tizilombo msanga, nchifukwa chake inuyo ndikukutsatani kwambiri.

Bandeji yomwe takumangani ikhale choncho mpaka Lachinayi m'mawa, maola 48, isanyowe. Posamba kulungani mkonowo ndi pepala la pulasitiki kapena muzingoukweza mmwamba wina akuthandizeni. Mukakhala pansi kapena pogona, mkono uzikhala pa pilo, kuti usatupe kwambiri masiku awiri oyambawa. Mukaona kadontho ka magazi pabandeji, kakang'ono osakula, palibe vuto. Koma ngati magazi akunyowetsa bandeji, musaimasule, ikani gozi kapena kansalu koyera pamwamba pake, dinikizani ndi chikhatho mwamphamvu, mkono mmwamba, mphindi 15 zathunthu mukuyang'ana wotchi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amadinikiza mphindi ziwiri nkusuzumira kuti aone ngati asiya, ndiye ukasuzumira magazi omwe amayamba kuundana aja amasokonekera nkuyambiranso.

Lachinayi likafika sambani m'manja ndi sopo kaye, muchotse bandeji pang'onopang'ono. Ikamatirira musaikoke, inyowetseni ndi madzi owiritsa omwe azizira, imatuka yokha. Tsukani pabalapo ndi madzi omwewo modekha, osakhula, kenako muumitse pongogunditsa gozi woyera, muike gozi wina watsopano ndi pulasitala zomwe takupatsani zija. Muzisintha kamodzi patsiku, komanso nthawi iliyonse ikanyowa kapena kuda. Thonje musaike mwachindunji pabala, timaubweya take timakanirira pa ulusi. Kuyambira tsiku limenelo madzi osamba atha kudutsapo mwachidule, koma kuviika mkono mubeseni, kuchapa, kutsuka mbale madzi akufika pabala, zimenezo dikirani ulusi uchoke.

Chonde chonde, pabalapo musathirepo sipiliti, paudala, mafuta odzola, mankhwala otsukira mano, kapena kutsegula kapusozi nkuwazapo ufa wake. Ndikudziwa padzapezeka wokukondani wina wonena kuti iye zinamuthandiza, koma zinthu zimenezi zimaotcha kanyama katsopano kamene kakumera, zina zimatsekera tizilombo mkati, ndipo mabala omwe amativuta kuno ambiri amakhala oti anathiridwa zinazake. Bala losokedwa bwino limangofuna ukhondo ndi kuuma basi.

Za mwana uja munandifunsa, wa zaka ziwiri ndi wolemera ndithu, ndiye mpaka ulusi uchoke musamunyamule ndi mkono umenewo, mukhale pansi abwere yekha pamiyendo. Chimodzimodzi chidebe cha madzi ndi katundu wolemera. Ngakhale tikadzachotsa ulusi khungu limakhala lisanalimbe kwenikweni, muzidzapitabe nalo pang'onopang'ono kwa masabata ena awiri. Zala zokha muzizigwedeza, kufumbata ndi kutambasula, zisaume.

Pali zina zomwe mudzaone zosaopsa: kutupa pang'ono, kuderako khungu mozungulira, timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono topanda fungo masiku oyamba, kuyabwa kukamayamba kupola, ndi kamzere kolimba pansi pa ulusi. Kuyabwako osakanda, nkhanambo osatong'ola. Chachikulu choti mugwire ndi ichi, bala lomwe likupola ululu wake umatsika tsiku ndi tsiku. Mukaona kuti dzulo kunali bwino lero kwawonjezeka, makamaka masiku awiri oyambawa akatha kupita mtsogolo, pamenepo pali chomwe chikuchitika.

Mubwere tsiku lomwelo, osadikira Lachisanu lija, ngati ululu ukukula kapena ukuchita kugunda ngati mtima panado osathandiza, ngati pabala pakutentha mukayerekeza ndi mkono winawo, ngati kutupa ndi kufiira kukufalikira, ndipo dziwani kuti pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino nthawi zonse, mwina mungoona kuti pada kwambiri, pakunyezimira komanso palimba. Mutha kujambula mzere ndi bolopeni mmphepete mwa potupapo, mukaona kuti kwadutsa mzerewo nyamukani. Mubwerenso ngati pakutuluka mafinya kapena fungo, ngati ulusi waduka bala nkutseguka (phimbani ndi gozi woyera, musayese kulitseka nokha), ngati mwatuluka mwanabere wopweteka mkhwapa, ngati pansi pa pulasitala patuluka matuza kapena zidzolo, komanso ngati shuga wanu wayamba kukwera mosadziwika bwino.

Tsono izi ndi zoti ngakhale pakati pausiku musagone nazo, pitani kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi chimene chimakhala chotsegula nthawi zonse. Magazi osasiya mutadinikiza mphindi 15, pitirizani kudinikiza muli panjira. Chotupa cholimba chomwe chikukula mofulumira pansi pa ulusi, amenewo amakhala magazi akudzadzana mkati. Thupi kutentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, kunjenjemera, kufooka kwambiri, mutu kusokonezeka. Mzere wofiira kapena woderako wochoka pabala kukwera chakukhwapa. Zala kuzizira, kusintha mtundu, kukanika kugwedezeka kapena dzanzi losatha, apa yambani mwamasulako bandeji mwina yathina, zikapanda kusintha mphindi zochepa bwerani. Milomo kapena nkhope kutupa, kubanika popuma. Nsagwada kuuma kapena khosi kulimba, ngakhale izi sizichitika kawirikawiri, zimatha kukhala kafumbata ndipo sayembekezera kuti kuche.

Musayambe kumwa maantibayotiki otsala m'nyumba kuti muone kaye ngati zisinthe, ife sitinakupatseni chifukwa bala lanu ndi loyera silikufunika, ndipo likadzafunika tidzasankha oyenera titaliona ndi maso. Ndipo musachite manyazi kuti mwina mutivutitsa ndi zazing'ono, ine bola mubwere ndione ndikuuzeni kuti zili bwino mubwerere.

Lachisanu lija mufike 8 koloko m'mawa kuchipinda chomangira mabala, chomwe chija munasokedwera, mutenge buku lanu lakuchipatala. Muvale malaya a manja otakasuka. Kuchotsa ulusi sikufuna jakisoni, mumangomva kukoka pang'ono, mphindi zisanu tathana. Chotupa chija tatumiza ku labu kuti akachiyeze monga timachitira, ndiye tsiku limenelo mudzandikumbutse tione ngati zotsatira zabwera.